NKHOPE YA AGOGO ISASINTHIKE

Wolemba Mtolankhani Wathu

M'nyumba zambiri za kwathu muli cithunzi cimodzi cokha ca mkulu wa banja amene anatisiya kale. Cimasungidwa m'Baibulo, kapena pansi pa sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo, ndipo cimaturutsidwa pa maliro kapena pamene mdzukulu afunsa kuti, "Kodi agogo anali kuoneka bwanji?" Masiku ano kwabwera makina a nzeru zopanga, opezeka m'foni ndi m'kompyuta, amene atha kutenga cithunzi cakutha cotere ndi kucibweza cowala m'kamphindi. Munthu amalemba mau owauza cocita, amene pa makinawo amachedwa `prompt`, ndipo makinawo amajambula monga amvera. Ndifuna kufotokozera owerenga m'mene banja lathu linalembera mau otere ku Kafue, cifukwa pa mizere yocepayo ndi pamene pagona nkhani yonse: kaya papepala paturuka agogo anu enieni, kaya mlendo wovala jekete lao.

Agogo anga aamuna anacoka ku Katete nadza ku Kafue pa nthawi imene Boma linali kumanga mafakitale m'tauni imeneyi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kuciyambi kwa za m'ma 1970. Anthu ambiri a kum'mawa anatsata njira yomweyo, ena kukalowa nchito ku fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, ena ku fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles. Agogo anali a ku nsalu. M'caka ca 1974, ali ndi zaka pafupifupi 40, anavala jekete ndi tayi napita kwa wojambula kuti atumize cithunzi kumudzi. Anamwalira mu 2001 ine ndikali mwana wa ku pulaimale. Citupa cao cinasowa, zithunzi zina zinaonongeka ndi mvula ya denga lodontha, ndipo catsala ndi ca 1974 cokhaco.

Cithunzico ndi cakuda ndi coyera, ca masentimita 9 m'lifupi ndi 13 m'litali. Agogo aimirira thupi lonse pafupi ndi kathebulo ka maluwa, kotero kuti nkhope yao ndi yaing'ono, sentimita imodzi ndi theka basi, ngati cikhadabo ca cala cacikulu. Mzere wa popindika wadutsa paphewa ndi kudula khutu limodzi, m'munsi muli banga la madzi, ndipo zioneka kuti anagwedezeka pang'ono pojambulidwa, pakuti maso ndi milomo siziri zakuthwa. Pamene banja linagwirizana zoika ciliza pamanda ao, amalume anati pafunika cithunzi cacikulu ca m'felemu coti ciimikidwe patsogolo pa anthu, kenaka cikakhale m'nyumba mwa ambuya, amene akali moyo ku Kafue komweko.

Woyamba kuyesa anali msuweni wanga wa ku Lusaka. Anajambula cithunzico ndi foni usiku, nauza makina ena kuti aciwalitse, acipake mitundu, ndipo agogo aoneke okongola ndi omwetulira. Cimene cinaturuka cinazungulira m'mafoni a abale onse, ndipo acinyamata anacikonda kwambiri. Munali bambo wa khungu losalala lofiirira, mphuno yowongoka, mano oyera ondandalika bwino. Ambuya anaciyang'ana nthawi yaitali, naciika kutali ndi maso, nacibweza pafupi, kenaka anati, "Bambo ameneyu ndi wooneka bwino ndithu. Koma ndi wa kwa yani?" Akuluakulu anati cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere.

MAKINA SAKUMBUKIRA, AMANGOLINGALIRA

Tisanafike pa mau olamula, tiyenera kumvetsa cifukwa cace zinatero. Cithunzi cikakhala cosaoneka bwino, tizigawo ta nkhope timene tinasowa kulibe kumene tinabisala kuti makina akatifukule. Tinatayika pa tsiku lomwe lojambulalo. Makina amenewa anaphunzitsidwa poonetsedwa nkhope zambirimbiri za anthu ena, ndipo akapeza malo osaoneka bwino amadzazapo ndi diso, mphuno kapena mlomo umene auyesa woyenera malinga ndi zimene anaona kwa anthu enawo. Ndiye kuti sakumbutsa za agogo anu. Amalingalira cabe, ndipo amalingalira molimba mtima.

Dziko lonse linaona zimenezi mu June 2020. Munthu wina anatenga cithunzi cosaoneka bwino ca a Barack Obama, amene anali mtsogoleri wa dziko la Amereka, naciika m'makina ochedwa PULSE, opangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Duke. Makinawo anabweza nkhope yakuthwa bwino ya mzungu. Pakati pa nkhope zimene anaphunzirirapo, za anthu akuda zinali zocepa, tsono pokaika anapendekera kumene anazolowera. Makina a masiku ano apita patsogolo, koma khalidwe lodzaza malo osoweka ndi zongolingalira likalipo, ndipo kwa ife limaonekera pa zinthu zitatu: khungu limayera, mphuno imacepa, ndipo makwinya amafafanizika. Ngati nkhope yodziwika pa dziko lonse inasinthidwa cotero, nanga ya woomba nsalu wa ku Kafue?

NCHITO IYAMBA MAKINA ASANAYATSIDWE

Pamene malo osaoneka bwino acuruka, m'pamenenso makina apeza mpata waukuru wolingalira. Cotero cinthu coyamba ndico kuwapatsa cithunzi cakale m'maonekedwe abwino koposa. Ife tinacitengera kwa wojambula wina wa m'tauni amene ali ndi sikana, makina okopera pepala kulowetsa m'kompyuta. Sikana imagawa cithunzi m'timadontho, ndipo nambala yolembedwa `dpi` imanena kucuruka kwa timadontho pa inchi imodzi. Cithunzi cosindikizidwa cimaoneka bwino cikakhala ndi timadontho pafupifupi 300 pa inchi. Ife tinafuna kutenga mutu ndi cifuwa cokha ndi kuzikuza kanai, kuti zidzaze pepala la masentimita 20 ndi 25. Kukuza kanai kufuna timadontho kanai, ndiye tinapempha `1200 dpi`. Amene afuna kungokuza kawiri, `600 dpi` iwakwanira.

Kumudzi kumene kulibe sikana, foni itha kugwira nchito ngati munthu asamala. Ikani cithunzi pa thebulo panja pamthunzi, masana, ndipo muzimitse kamuni ka foni kuti pasakhale kunyezimira. Foni ikhale pamwamba molunjika, yosapendekeka, zigongono zitatsamira pa thebulo kuti dzanja lisanjenjemere. Jambulani kangapo nimusankhe cakuthwa koposa. Potumiza pa WhatsApp musankhe `Document`, cifukwa njira ya masiku onse imacepetsa cithunzi ndi kutaya timadontho timene mwavutikira. Cakaleco musacipukute ndi madzi, musacimate ndi selotepi, musacitsekere m'pulasitiki wa moto uja, ndipo ngati cinamatirira ku galasi la felemu musacikanganule. Cijambuleni ciri momwemo.

Cinthu caciwiri ndico kufunsa akulu, pakuti safunsa anadya phula. Ndinakhala pansi ndi ambuya ndi amalume, cithunzi ciri pakati pathu, ndipo tinaloza banga liri lonse ndi kufunsa ngati ndi la pepala kapena la munthu. Pamwamba pa nsidze imodzi pali kamzere koyera kakafupi, kamene maso a munthu wosadziwa angakayese kukalika kwa pepala.

"Ambuya, nanga aka?" ndinafunsa.

"Ako usakakhudze, mdzukulu wanga," anayankha. "Ndi cipsera. Anatemeka ndi khasu ali mnyamata ku Katete. Pobwera kudzandifunsira anali nako kale."

Makina a msuweni wanga anali atakafafaniza pamodzi ndi zokalika zina. Ambuya anatiuzanso kuti agogo anali akuda bii, ndi kuti sanali kuonetsa mano pamaso pa alendo. Za mtundu wa jekete anagawanika: ambuya anati linali lakhofi, amalume anati linali lotuwa. Popeza palibe wotha kutsimikiza, tinagwirizana kuti cithunzi cikhale cakuda ndi coyera monga cinaliri. Makina akapaka mitundu pa cithunzi cakale amangosankha okha, cifukwa pepalalo silinasunge mtundu uli wonse.

Panabukanso funso lina lolemera. Adzukulufe tikumbukira agogo a imvi, oyenda ndi ndodo, ndipo ena anati tiuze makina awakalambitse kuti afanane ndi m'mene tinawadziwira. Makina atha kutero, koma imvi ndi makwinya amene angaike adzakhala a nkhalamba zina. Amalume anadula nkhani nati, "Atate anadzisankhira okha tsiku lojambulidwa ndi zovala zace. Tiwasiye ali m'mene anafunira kuti tiwaone."

MAU AMENE TINALEMBA

Makina ambiri amamva Cingelezi bwino koposa Cinyanja, ndiye tinayamba talemba zofuna zathu m'cinenero cathu, kenaka ndi kuzimasulira. Mau ace anali awa:

```
Restore this old black-and-white photograph. Do not redraw the man.
Keep his face shape, eyes, nose, lips, ears and hairline as they are.
Keep his dark skin tone, his age and his closed mouth.
Keep the small scar above the eyebrow on the left side of the picture.
Remove only the crease, the scratches and the water stain.
Where the face is blurred, leave it slightly soft. Add no detail.
Keep the jacket and tie. Plain grey background. No colour.
```

Mzere woyamba unena nchito: kukonza cithunzi cimene cilipo, osati kujambula munthu watsopano. Waciwiri uchula ziwalo zosayenera kusinthidwa, cimodzicimodzi: maumbidwe a nkhope, maso, mphuno, milomo, makutu ndi polekeza tsitsi pamphumi. Kungonena kuti munthuyo akhale yemweyo sikukwanira, cifukwa makina sadziwa cimene cimamucititsa kukhala iyeyo. Wacitatu uteteza zinthu zitatu zimene makina amakonda kukometsa: kuda kwa khungu, msinkhu, ndi kamwa lotseka.

Mzere wacinai ndi wa cipsera. Onani kuti tinati ciri kumanzere kwa cithunzi, osati kumanzere kwa agogo. Munthu akakuyang'anani, dzanja lace lamanja limakhala kumanzere kwanu, ndipo mukapanda kulongosola, cipsera citha kusamukira pa nsidze ina. Wacisanu upatsa makina malire: acotse popindika, zokalika ndi banga la madzi, basi. Wacisanu ndi cimodzi ndiwo unali wovuta kuti acinyamata auvomere, pakuti uuza makina kuti pamene nkhope siioneka bwino aisiye yofewa pang'ono, asaonjezepo kanthu. Wotsiriza usunga jekete ndi tayi, nupempha kuti kumbuyo kukhale kotuwa kopanda zokongoletsa. Kumbuyo ndi malo okha amene tinalola kusinthidwa, popeza nsalu ya wojambula siinali mbali ya agogo.

Mau amene tinawasiya ali ofunika mofanana ndi amene tinalemba. Sitinalembe `handsome`, `HD` kapena `smiling`. Mau otere ndi cilolezo coti makina asalaze khungu, anole maso, naike mano amene palibe anawaonapo. Ngakhale liu lakuti `dignified`, lonena za ulemu, tinalicotsa, cifukwa makina amalimasulira m'njira yao: suti yodula, cibwano cokwezeka, kaimidwe ka nduna. Ulemu wa cithunzi ca cikumbutso ucokera pa zinthu zazing'ono zotha kuchulidwa: kumbuyo kopanda phokoso, kuwala kofatsa, munthu ali pakati, ndi nkhope imene mkazi wace angaizindikire.

MAU SI LOKO

Ndicenjeze owerenga kuti ngakhale mau olembedwa bwino samanga makina manja. Makina ambiri otere amajambula cithunzi conse mwatsopano nthawi iri yonse, ndipo mau amangowakokera kufupi ndi cakale. N'cifukwa cace mau amodzimodzi amabala zithunzi zosiyana. Ena ali ndi kaburashi kolozera malo oti akonzedwe okha. Ngati kalipo, pakani popindika ndi pa banga, nkhope muisiye kunja. Ena, monga CodeFormer amene anaturuka mu 2022, ali ndi nambala `w` yoyambira 0 kufika 1: ikakhala pafupi ndi 0 cithunzi cimasalala koma munthu amasintha, ikakhala pafupi ndi 1 cimatsata cakale ngakhale sicikongola kwambiri. Pa nchito ya cikumbutso, yendani ca ku 1. Dziwaninso kuti makina ambiri a pa intaneti amatumiza cithunzi ku makompyuta a kampani ya kunja, ndiye nkwabwino kuti akulu a banja avomereze coyamba.

Ife tinayesa kanai, ndipo nthawi iri yonse tinayambira pa cithunzi ca m'sikana. Ici ndi cofunika. Mukatenga coturuka ndi kucibwezanso m'makina kuti acikonze, colakwa coyamba cimakhala maziko a caciwiri, ndipo pofika kacitatu mwatsala ndi munthu wina, monga uthenga wodutsa pakamwa pa anthu ambiri.

Poyesa zoturukazo tinagwiritsa nchito njira yosafuna makina. Wojambula uja anatisindikizira cakale ndi zatsopano zinai pa mapepala wamba, zonse pa msinkhu umodzi. Tinasanjikiza catsopano pa cakale pa galasi la zenera, dzuwa liri kumbuyo, ndi kulinganiza maso. Maso akagwirizana, muone ngati mapiko a mphuno, ngodya za kamwa, cibwano ndi makutu zigwera pamodzi. Coyamba cinali ndi mphuno yocepa, mapiko ace atalowa m'kati. Caciwiri cinataya cipsera ngakhale tinacichula. Cacitatu cinali cakuthwa koposa zonse, cooneka tsitsi limodzilimodzi, koma maso anali atakula ndi kutseguka ngati a munthu wodabwa. Cacinai cinagwera bwino ponseponse, ndipo cinali cofewa pang'ono, cosakopa maso.

Panatsala khutu lodulidwa ndi mzere uja. Pamenepo pepala linanyotsoka, kotero kuti khutu liri lonse loikidwapo ndi lopeka. Makina anaikapo lomatirira ku mutu, pamene lina, looneka bwino, ndi lotambasuka pang'ono monga ali makutu a amalume. Sitinabwerere ku makina. Wojambula anadetsa mbali imeneyo ndi dzanja pa kompyuta kuti khutulo lilowe mumthunzi. Cimene sitidziwa ndi bwino cibisike mumthunzi kusiyana ndi kuti cioneke bwino ciri cabodza.

Mayeso otsiriza anali a anthu. Tinaonetsa cacitatu ndi cacinai kwa ambuya, kwa amalume, ndi kwa mkulu wina amene anagwira nchito ndi agogo ku nsalu, ali yense payekha, osamuuza cimene ena asankha kapena cimene ife tikonda. Mukawafunsa ali pamodzi, onse amatsata woyamba kulankhula. Funso silinali lakuti cokongola ndi citi, koma lakuti, "Kodi awa ndani?" Onse atatu analoza cacinai. Mkulu uja anaseka nati, "Ndi iwowa. Apa atsala pang'ono kundikalipira kuti ndacedwa."

Apa ndinaona cinthu cimene ndiyesa ciri coona kwa mabanja onse. Amene sanamudziwe munthu amakonda cithunzi cakuthwa, cifukwa alibe cocifanizira naco. Amene anakhala naye amakonda cofewa, cifukwa pamene pepala lalephera mtima wao umadzazapo zoona. Cithunzi cakuthwa cabodza cimatseka mpata umenewo, ndipo pakapita zaka ana obadwa m'tsogolo adzaloweza nkhope ya mlendo naiyesa ya kholo lao. Akulu otha kutsutsa akadzapita, bodzalo lidzakhala mbiri ya banja.

Tinasindikiza pa pepala losanyezimira, la masentimita 20 ndi 25, ndipo sitinapitirire pamenepo ngakhale ena anafuna lalikuru ngati kalendala, cifukwa kukuza cithunzi kumakuzanso kusaoneka bwino kwace. Cikaimikidwa pa thebulo, munthu ali pa mapazi atatu kapena anai, cimaoneka bwino lomwe. Kumbuyo kwa felemu tinalemba ndi pensulo dzina la agogo, mudzi wao, caka cojambulidwa ndi caka comwalira, ndi mau akuti cithunzi ici cinakonzedwa ndi makina kucokera ku ca 1974, kuti kumbuyo kunasinthidwa, ndi kuti khutu limodzi linadetsedwa. Tinamatanso kope laling'ono la cakaleco, lokhala ndi mzere wace ndi banga lace, kuti ali yense wokaika adzifanizire yekha.

Ceniceni ca 1974 ciri mu envulopu ya pepala, m'bokosi louma losafikako dzuwa ndi ciswe, ndipo makope a m'sikana ali kwa abale atatu a m'matauni osiyana. Makina adzasintha, ndipo mwina adzukulu athu adzakhala ndi abwino koposa awa. Iwo adzafuna cakaleco, osati cathu cokonzedwa. Koma cimene makina a m'tsogolo sadzatha kupeza ndi mau a ambuya onena za khasu la ku Katete. Cotero owerenga amene muli ndi cithunzi cotere m'Baibulo, citurutseni akulu akali ndi maso, mukhale nao pansi, muloze banga liri lonse, ndipo zimene adzakuuzani muzilembe pa pepala ndi kulisunga pamodzi ndi cithunzico.